Ndemanga yanga ya ka lojiki analaiza ka mawaya 8, nditakagwiritsa ntchito miyezi itatu

Ndikapatsa nyenyezi 4 pa 5 kachipangizoka, komwe kamaonetsa pa kompyuta mmene magetsi akukwerera ndi kutsika pa mawaya. Ndinakagula chifukwa cha inkyubeta ya mazira yomwe ndimapanga kuno ku Salima, ya mayi wina woweta nkhuku kufupi ndi Kamuzu Road, ndipo ndinene poyambirira kuti kanandipezera vuto lomwe linandidyera sabata yathunthu. Ndi kaja kakang'ono ngati bokosi la machesi, kolowetsa pa USB, kolembedwa 24MHz pamwamba, dzina la kampani palibe olo. Pa laputopu ndimakatsegula ndi PulseView, pulogalamu yaulere.

Nkhani inali chonchi. Mazira a nkhuku amafuna kutentha kwa madigiri 37.5 kwa masiku 21, ndiye ndinaika sensa ya PT100 yowerengedwa ndi chipu cha MAX31865, kenako Arduino Uno, komanso memori khadi yoti izisunga kutentha kwa usiku wonse. Chipu ndi memori khadi zonse zili pa mawaya omwewo a SPI, njira yomwe zimalankhulira ndi Arduino: SCK wa koloko pa pini 13, MISO wobweretsa mabiti ku Arduino pa 12, MOSI wotumiza mabiti kuchokera ku Arduino pa 11, kusiyana pa CS basi, waya wosankhira woti alankhule, chipu pa 10 khadi pa 4. Khodi ya chipuyo ndinalemba ndekha ndipo ma seting'i ndinangotengera a memori khadi, poti khadiyo imagwira bwinobwino. Kuyatsa, sikirini ikuti madigiri -107. Mwezi wa Okutobala ku Salima kuno, thukuta lili kamukamu, makina akuti kwazizira kuposa firiji, komanso chizindikiro choti sensa yawonongeka chimangobwera nkuchoka, kubwera nkuchoka. Ndinasintha sensa, ndinawotchereranso mawaya, ndinayeza ndi mita, sensa ikuonetsa ma omu 114 ndi theka zomwe ndi zolondola pa madigiri 37.5. Mita siingakuuzeni zambiri pa SPI chifukwa zinthu zake zimachitika ka miliyoni pa sekondi.

Nditalumikiza ka analaiza pa mawaya anayi aja ndi GND, ndinaona ndi maso zomwe ndinkangowerenga. Pa SPI pali waya wa koloko, SCK, womwe umangokwera nkutsika, kukwera nkutsika, ndipo biti iliyonse ili ndi kukwera kumodzi ndi kutsika kumodzi. Pa ziwirizi, pena ndi pomwe wotumiza amasintha biti pa waya, penapo ndi pomwe wolandira amaiwerenga. Sizichitikira pamodzi ayi, zimasinthana ngati amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi, musi wina ukamatsika wina uli mmwamba, ikatsikira limodzi iwombana.

Chifukwa chake ndi chakuti waya susintha pompopompo. Chipu chikaona koloko yasuntha chimatenga kanthawi kuti chitulutse biti yatsopano, kenako magetsi pa waya amatenganso kanthawi kuti akhazikike, makamaka waya akatalika. Wolandira nayenso ali ndi zofuna zake, amafuna biti ikhale itakhazikika kale asanaiwerenge, ndipo ikhalebe pompo kanthawi atatha kuwerenga. Zili ngati sikelo ya mpunga pa msika, simuwerenga muvi uku wogulitsa akuthirabe, mumadikira muvi uime, ndipo iye asachotse thumba inu musanaone nambala. Ndiye ngati kusintha kuli potsika ndipo kuwerenga kuli pokwera, biti imapeza theka la nthawi yoti ikhazikike ndi theka lina loti ikhalebe. Ine koloko ndinaiika pa 1 MHz, kutanthauza biti imodzi ndi ma nanosekondi 1000, ndiye 500 mbali ino 500 mbali inayo, mpata wambiri zedi. Mukawerenga pomwe mnzanu akusinthira mpata wonsewo watha, mwangotsala ndi mwayi.

Zosankha zilipo ziwiri basi. CPOL imanena pomwe koloko imapumira pamene palibe chikutumizidwa, ikakhala 0 imapumira pansi, ikakhala 1 imapumira mmwamba. CPHA imanena ntchito ya kusuntha koyamba kwa koloko. Ikakhala 0 kusuntha koyamba ndi kowerengera, ndiye biti yoyamba imayenera kukhala ili kale pa waya CS ikangotsika, koloko isanayambe nkomwe. Ikakhala 1 kusuntha koyamba ndi kotulutsira biti, kuwerenga kumabwera pa kusuntha kwachiwiri. Kuphatikiza ziwirizi ndi pomwe pamachokera SPI_MODE0 mpaka SPI_MODE3. Memori khadi yanga imayenda pa modi 0, koloko imapumira pansi, kuwerenga pokwera, kusintha potsika. Chipu cha MAX31865 chimafuna 1 kapena 3, zili mu pepala lake la wopanga, ndiye ndi koloko yopumira pansi icho chimatulutsa biti pokwera nkuwerenga potsika. Mwaona pomwe inawombana misi? Arduino imawerenga pokwera, pompo pomwe chipu chimasinthira.

Pa sikirini zinaoneka poyera, waya wa MISO umasuntha koloko ikangokwera kumene, mmalo mosuntha potsika monga Arduino imayembekezera. Poti chipu chimachedwa pang'ono kutulutsa, Arduino imatola biti yakale yomwe inali isanachoke pa waya. Ndiye biti iliyonse imafika mochedwa ndi malo amodzi.

Apa ndi pomwe manambala anandikoma. Chipuchi chimapereka nambala ya mabiti 15, ndi biti ina kumapeto yonena ngati sensa ili ndi vuto. Bodi yanga ili ndi rezisita ya ma omu 430 yoyerekezera, ndiye pa madigiri 37.5 sensa ili pa ma omu 114.6 ndipo nambala imakhala 8731. Pa waya nambalayi pamodzi ndi biti ya vuto ija zimadutsa ngati ma baiti awiri, mzere woyamba ndi zomwe chipu chimatumiza, wachiwiri zomwe Arduino imalandira:

```
0x44 0x36   01000100 00110110
0x22 0x1B   00100010 00011011
```

Taonani, ndi mabiti omwewo angosunthira kumanja kamodzi. Kusunthira kumanja kamodzi ndi kugawa pakati, 8731 inasanduka 4365, ma omu 114.6 anasanduka 57.3, ndipo PT100 imafika pa ma omu amenewo pa madigiri pafupifupi -107. Ndendende zomwe sikirini imanena. Chizindikiro cha kuwonongeka chija nachonso chinamveka, biti yomaliza ya kutentha ndi yomwe imagwera pamalo pake, ndiye nambala ikakhala 8731 chimayaka, ikasuntha pang'ono kufika 8730 chimazima. Sensa inalibe vuto lililonse. Mukaona nambala ikubwera theka lenileni kapena kawiri kwenikweni ya yomwe mukuyembekezera, musathamangire kugula sensa ina, yang'anani kaye CPHA.

Chomwe chimasocheretsa kwambiri ndi chakuti siimafera limodzi yonse. Mbali ya MOSI nako kunali mpikisano womwewo, Arduino imasintha potsika pomwe chipu chimawerengera potsika, koma nthawi zambiri chipu chimakwanitsa kutola biti yoyenera isanachoke, ndiye adilesi imafika bwino ndipo chipu chimayankha ngati zonse zili bho. Nthawi zina ayi, kumabwera zinyalala. Zinthu zoyendera mwayi chonchi zimatha kugwira pa tebulo nkukana mukatalikitsa waya kapena kukatentha.

Kukonza kwake kunali liwu limodzi:

```
SPI.beginTransaction(SPISettings(1000000, MSBFIRST, SPI_MODE1));
digitalWrite(10, LOW);
SPI.transfer(0x01);
byte a = SPI.transfer(0);
byte b = SPI.transfer(0);
digitalWrite(10, HIGH);
SPI.endTransaction();
```

Ndinasankha 1 osati 3 dala, kuti koloko izipumira pansi pa zonse ziwiri, khadi ndi chipu. Ndipo onetsetsani kuti beginTransaction ili patsogolo pa kutsitsa CS. Chipuchi chimayang'ana pomwe koloko ili pa nthawi yomwe CS ikutsika nkudziwira pompo kuti CPOL ndi iti, ndiye mukatsitsa CS kaye kenako nkusintha modi kupita pa 3, koloko ikhoza kudumpha kuchoka pansi kupita mmwamba chipu chili kumvetsera, icho chiwerenga kudumphako ngati kugunda kwenikweni ndipo mabiti onse asokonekera.

Tsopano za kachipangizo kenikeniko. Chabwino ndi dikoda ya SPI ya mu PulseView, mumangoiuza kuti waya uyu ndi koloko uyu ndi MISO ndipo imakulemberani ma baiti pansi pa mizere. Koma chenjerani, iyo siidziwa yokha modi, mumaiuza ndinu. Nditaiika pa cpha 1 imalemba 44 36, nditaiika pa 0 imalemba 22 1B, pa chojambula chimodzimodzi. Ndiye munthu atha kuika dikoda pa modi yolondola, kuona manambala abwino, nkumati zonse zili bwino pomwe Arduino yake ikuwerengera pena. Ine ndimayamba ndayang'ana mizere yeniyeniyo, koloko ikupumira kuti, MISO ikusuntha pokwera kapena potsika, dikoda pambuyo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa izi. 24 MHz ija ikutanthauza kuti kamayang'ana mawaya kamodzi pa ma nanosekondi 42 aliwonse. Pa koloko ya 1 MHz ndi ka 24 pa biti imodzi, chithunzi chimaoneka bwino, koma nditayesa 8 MHz komwe ndi kumapeto kwa Uno kamayang'ana katatu kokha pa biti, theka la biti ndi ma nanosekondi 62.5, simungathenso kunena motsimikiza kuti waya wasuntha koloko isanakwere kapena itakwera. Ndiye pofufuza tsitsani liwiro kaye. Chinanso kamangodziwa 0 ndi 1, ngati magetsi pa waya akugwedezeka kapena akukwera mwaulesi sikakuonetsani, pamenepo pamafunika osilosikopu. Timawaya tobwera nako ndi tosalimba, tiwiri tinaduka mkati sabata yoyamba ndipo tokolera pa mapini mulibe mu paketi, ndinachita kuitanitsa ku Lilongwe. Pa Windows sikanaoneke mpaka nditaika dalaivala ndi Zadig, ndipo ndikakalowetsa pa habu ya USB limodzi ndi zina kamaduka pakati pa kujambula, ndiye kalowetseni pa laputopu penipeni. Musaiwale waya wa GND, popanda iwo mizere imangodumphadumpha.

Kwa okonza mafoni okhaokha mwina sikakuthandizani kwambiri, koma ana asukulu a zamagetsi ndi aliyense amene amalumikiza masensa pa Arduino, gulani. Inkyubeta ija ili kwa mwini wake, ikuwerenga 37.5 ndipo khadi ikusunga bwinobwino, sabata ino ndikupita nako ka analaizaka ku Chipoka kukaona sikelo ya mnzanga yomwe akuti ikumaonetsa theka la kulemera kwa thumba.