Ayisikilimu wa kirimu ndi mkaka wa kondensi: zimene ndaona patapita miyezi

Kuyambira nyengo yotentha mpaka mango kutha ndakhala ndikupanga ayisikilimu kunyumba popanda makina, pogwiritsa ntchito kirimu wopukusa ndi mkaka wotsekemera wa kondensi. Njirayi ndi yodalirika, koma ubwino wake weniweni umaoneka pakatha sabata, chifukwa pa tsiku loyamba ngakhale ayisikilimu wopangidwa mosasamala amakhala wosalala ndithu.

Muyezo umene ndakhazikika nawo ndi mamililita 500 a kirimu wokhala ndi mafuta osachepera 35 peresenti, chitini chimodzi cha kondensi cha magalamu 385, ndi mchere wotapa ndi zala ziwiri. Kirimu ayenera kukhala wozizira kwambiri, pamodzi ndi mbale yake, ndipo amapukusidwa mpaka atakhuthala moti akatapidwa ndi supuni sagwa. Kenako kondensi amasakanizidwa pang'onopang'ono kuti mpweya umene walowa usathawe. Chimene chimachititsa kuti njirayi ithandize n'chakuti madzi ndi ochepa kuyambira pachiyambi. Kondensi ndi mkaka umene unachotsedwa kale madzi ambiri, shuga wake amachititsa kuti madzi otsalawo asaundane onse, pamene mafuta ndi mpweya zimatchinga timibulu ta madzi oundana kuti tisakumane n'kukula. Pa chifukwa chimenechi, amene amachepetsa kondensi n'kuthiramo mkaka wamba poopa kutsekemera amapeza chinthu cholimba chokukutika m'mano.

Mango ndi amene amayesa njirayi kwenikweni, popeza madzi ake amaposa 80 peresenti. Mukathira mango opera osaphika, ayisikilimu amakoma tsiku loyamba, koma pofika lachitatu lilime limayamba kumva ngati muli mchenga. Masiku ano ndimatenga magalamu 400 a mango opera ndi kusefa, n'kuwaphika pa moto wochepa, ndikutakasa, mpaka atatsala theka. Ndimadziwa kuti afika ndikakoka mzere ndi mthiko pansi pa poto, mzerewo osatsekeka msanga. Ayenera kuzizira mufiriji asanakumane ndi kirimu, apo ayi amasungunula mafuta ndipo mpweya wonse umatha. Kununkhira kwa mango aawisi kumachepako, ndipo ndikuvomereza kuti pamenepo pamatayika kanthu, koma kusalala kumene kumatsala kumaposa zotayikazo. Ufa wa malambe suvuta chonchi chifukwa ndi wouma kale, ndipo kuwawasa kwake kumachepetsa kutsekemera kwa kondensi, kumene kwa ine ndilo vuto lalikulu la njirayi.

Kuundanitsa kuyenera kuchitika mofulumira, chifukwa madzi akamaundana pang'onopang'ono timibulu timakhala tochepa koma tatikulu. Chotengera chachitsulo chosazama, chimene chayamba chakhala mufiliza, chimathandiza kwambiri kuposa chigubu chakuya chapulasitiki. Ndimathira osapitirira masentimita 5 kuya kwake, ndipo maola 6 amakwana ngati filiza ikufika madigiri 18 pansi pa ziro.

Chimene miyezi yandisonyeza kwambiri ndi nkhani ya kasungidwe. Ayisikilimu akafunda pang'ono, ngakhale asanasungunuke moonekera, timibulu tating'ono kwambiri timasungunuka, ndipo kuzizira kukabwerera madziwo amakamatira pa timibulu tokulirapo m'malo mopanga tatsopano. Choncho nthawi iliyonse imene magetsi azima kapena chitseko chatsegulidwa kwa nthawi yaitali, timibulu timakula ndipo sitibwereranso. Chizindikiro choyamba ndi chipale choyera pansi pa chivundikiro, kenako m'mphepete mumauma ndi kulimba pamene pakati pakadali pofewa. Pofuna kuchepetsa zimenezi ndimagawa ayisikilimu m'zotengera zing'onozing'ono kuti chotulutsidwa chithe tsiku lomwelo, ndimakanikiza pepala lapulasitiki pamwamba pake penipeni kuti pasakhale mpweya, ndipo ndimaika zotengerazo kumbuyo kwa filiza pakati pa mabotolo a madzi oundana, amene amasunga kuzizira magetsi akazima. Kuika pafupi ndi chitseko n'kuononga ntchito yonse.

Ngakhale ndi chisamaliro chonsechi, wa mango amayamba kusintha m'sabata yachiwiri, pamene wa malambe kapena wa vanila amapirira kotalikirapo. Ngati magetsi azima kwa nthawi yaitali moti wasungunukiratu n'kukhala wamadzi, sindimuundanitsanso, chifukwa mpweya umakhala utathawa ndipo zamkaka zikafunda tizilombo timaswana msanga. Kirimu ndi wokwera mtengo ndipo sapezeka m'golosale iliyonse, choncho amene akukhala kumene magetsi amazimazima achita bwino kupanga theka la muyezowu, wokwanira kutha m'masiku ochepa.