Kufunsa gulu pa WhatsApp: Poll kapena Google Forms?

Tinene kuti gulu lanu la kwaya ku Area 25 lili ndi anthu 80, ndipo mukufuna Loweruka loti mukumane. Mukangofunsa kuti "Mupezeka liti?", foni ilira mpaka usiku.

Poll ya pa WhatsApp ndiyo yachangu. Imalola kuika zinthu zoti anthu asankhepo zosaposa 12, koma ikani masiku atatu basi. Musazimitse "Allow multiple answers", kuti amene ali ndi mpata masiku awiri achonge onse awiri, apo ayi mavoti amagawikana pachabe. Vuto lake, aliyense amaona mmene ena avotera, ndiye abusa akasankha tsiku, ambiri amangotsatira.

Google Forms, fomu ya pa intaneti imene mumatumiza ngati linki, imabisa zimenezo ndipo mayankho amalowa mu tebulo. Koma amene anagula bando ya WhatsApp yokha, linki siitseguka. Kuno anthu otere ndi ambiri, choncho ine ndimasankha Poll.

Nenani pofunsa pomwepo kuti kuvota kutha Lachitatu 6 koloko madzulo. Nthawiyo ikakwana, sinthani "Send messages" kuti azilemba ma adimini okha, lembani tsiku, nthawi ndi malo mu uthenga umodzi, n'kuupanga "Pin". Wodandaula akupezeni kumbali.