Rileyi yoteteza: ndinaitukwana pachabe, koma wogulitsa uja sindinamukhululukire

Ndinagula rileyi yoteteza ya njira ziwiri, ya mavoti 24, yoti iziimitsa lamba wokweza chimanga pamalo athu opangira chakudya cha nkhuku ku Kanengo. Mtengo mukuudziwa, si wa masewera. Mabatani ofiira oimitsira mwadzidzidzi alipo atatu okha, koma wogulitsa anandikakamira kuti ndigule PLC yoteteza, kakompyuta kolamulira makina, ati rileyi ndi zachikale. Nditakana, anasintha nyimbo: "Pabokosi palembedwa PL e, ikani ndi kontakitala imodzi basi." Bodza limenelo. PL, mlingo wa chitetezo woyambira pa a mpaka e wapamwamba kwambiri, imawerengedwa pa mzere wonse, kuyambira batani, rileyi, mpaka kontakitala yomwe imadula magetsi a mota, ndipo chofooka ndicho chimatsitsa zonse.

Ife tinayamba ndi kuyeza chiopsezo motsata muyezo wa chitetezo cha makina wa ISO 13849-1. Lamba akagwira mkono munthu amalumala, ndiye S2. Anthu safikapo pafupipafupi, F1. Koma akakugwira sungathawe, P2. Zimenezi zimafuna PL d, choncho ndinaika makontakitala awiri motsatizana, KM1 ndi KM2, batani lililonse la mawaya a njira ziwiri.

Patatha miyezi isanu, tsiku lina thumba linakodwa, mnyamata anamenya batani, lamba anaima. Atachotsa thumbalo anakoka batani, nadina loyambitsiranso, zii. Anadinanso, zii. Galimoto ikudikira panja, abwana akundiyang'ana ngati ndaba. Ndinatukwana rileyiyo ndi wogulitsa yemwe, mumtima ndikuti andigulitsa chakufa. Ndinatsala pang'ono kulumikiza kawaya kodumphitsa. Mwamwayi ndinayamba ndazimitsa magetsi n'kutenga mita. Mano a KM1 anali atapsa n'kumatirirana, osatseguka. Amene anaimitsa mota anali KM2 yekha. Popeza timano tothandizira ta makontakitala onse awiri, timene timatseka pokhapokha mano aakulu atatseguka, timadutsa mu mzere woyambitsiranso, KM1 atamatirira mzerewo unakhala wotseguka, rileyi n'kukana kudzuka. Ndikanamvera za kontakitala imodzi, batani likanamenyedwa mota n'kumangozungulira. Ndinasintha KM1, ntchito inayamba pasanathe ola.

Chomwe chimanditopetsa n'chakuti rileyi silankhula. Ili ndi timagetsi titatu basi, ndipo poti mabatani ndinawamanga motsatizana, siikuuza lomwe ladinidwa, umachita kuyendera onse. Apa ndiye wogulitsa anali ndi kamfundo: PLC yoteteza imalandira batani lililonse pakhomo pake, imaonetsa pomwe pavuta, ndipo imatha kuimitsa gawo limodzi ena akugwira ntchito. Tikadzawonjezera zitseko zotchinga makina ndi lamba wachiwiri ndidzaiganizira, ngakhale imafuna laputopu ndi munthu wodziwa kutsimikizira pulogalamu yake. Koma siikweza PL payokha ngati kontakitala ili imodzi.

Rileyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi. Sitolo ija imodzi, chifukwa anandipatsa lisiti.