Invoisi yodzipatsa nambala: Excel, Google Sheets kapena LibreOffice Calc?

Pa kukoka mitengo ndi kuwerengera msonkho, atatuwa sasiyana kwenikweni. Mumakhala ndi tsamba lotchedwa Mitengo (khodi ya katundu, dzina, mtengo), ndipo pa invoisi mumangolemba khodi mu A10, mtengo n'kubwera wokha:

```
=VLOOKUP(A10,Mitengo!A:C,3,FALSE)
```

Mu Calc mulembe Mitengo.A:C m'malo mwa Mitengo!A:C. FALSE yakumapetoyo musaisiye. Ikasowa, khodi yolakwika imatha kubweretsa mtengo wa katundu wina mwakachetechete m'malo mokuchenjezani ndi #N/A. XLOOKUP ndi yabwinopo, koma mu Excel 2016 ndi 2019 mulibe, ndiye ngati fayilo izidutsa m'makompyuta akale, khalani pa VLOOKUP.

Peresenti ya VAT muiike m'selo yakeyake, chifukwa boma likaisintha mudzakonza pamodzi pokha. Tiyerekeze matumba 10 a simenti pa K30,000, msonkho uli 16.5%: katundu K300,000, msonkho K49,500, zonse K349,500.

Posiyana ndi pa nambala. Fomula sikumbukira kuti dzulo munalekezera pati, choncho pamafunika kakhodi kowonjezera 1 pa nambala ya invoisi. Mu Excel, nambala ikakhala mu F2, ndi mzere umodzi wa VBA womangirira ku batani:

```
Range("F2").Value = Range("F2").Value + 1
```

Fayiloyo isungidwe ngati .xlsm, apo ayi khodi imatayika. Vuto ndi loti VBA sigwira pa foni kapena mu Excel ya pa intaneti. Komanso anthu awiri akamagwiritsa ntchito makope awiri a fayiloyo, aliyense amatulutsa invoisi 0148 yakeyake, ndipo mumadzazindikira kasitomala atabwera ndi pepala losagwirizana ndi mabuku anu.

Apa ndiye Google Sheets imapambana. Fayilo ndi imodzi, nambala imachokera pamodzi, ndipo Apps Script ili ndi LockService yoletsa anthu awiri kutenga nambala nthawi imodzi. Koma netiweki ikavuta kapena bandulo ikatha, khodiyo siyenda. Batani lojambula nalo silidinika pa foni. M'malo mwake ambiri amaika kabokosi kochonga kodzutsa onEdit, khodi yomwe imayenda yokha selo ikasinthidwa.

LibreOffice Calc ndi yaulere ndipo safuna intaneti, kungoti makro a VBA ochokera ku Excel sayenda onse bwinobwino. Ine ndingaisankhe pa shopu ya kompyuta imodzi, nambala n'kumaitenga popanda makro, kuchokera pa tsamba la Kaundula lolembapo invoisi iliyonse yotuluka:

```
=MAX(Kaundula.A:A)+1
```

Njirayi ili ndi msampha wake. Mukangolemba 148 m'kaundulamo, invoisi yomwe ili patsogolo panu imasanduka 149. Ndiye yambani mwaisunga ngati PDF, kenako mulembe m'kaundula. PDF imeneyi imakutetezaninso kwina: simenti ikakwera mtengo mwezi wamawa, invoisi yakale yomwe idakali ndi VLOOKUP yolumikizidwa ku tsamba la Mitengo imasintha ndalama zake yokha, m'mapulogalamu onse atatu.