Lendi ya nyumba m'mabuku: kuilemba ikatuluka, kapena kuilemba ngati ngongole?

Tiyerekeze kampani yogula chimanga ndi nyemba yachita lendi nyumba yosungiramo katundu pa Lizulu kwa zaka zitatu, K6,000,000 pachaka, yolipira chaka chikatha.

Njira yomwe ambiri tinazolowera ndi yachidule. Chaka chilichonse mumachotsa K6,000,000 pa phindu, basi. Wowerenga mabuku saona kuti kampani yadzimanga kulipira K18,000,000.

IFRS 16, ndondomeko ya padziko lonse yolembera lendi m'mabuku a ndalama, yomwe inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019, imati zinthu ziwiri zilowe m'mabuku tsiku lomwe mwalandira makiyi: ufulu wogwiritsa ntchito nyumbayo kumbali ya chuma, ndi ngongole ya lendi kumbali inayo. Ngongoleyo si K18,000,000 ayi, chifukwa kwacha ya mtsogolo siilingana ndi ya lero. Tinene kuti banki ikanakubwereketsani pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti. Malipiro oyamba muwagawe ndi 1.25, achiwiri ndi 1.25 kawiri, achitatu katatu. Mupeza K4,800,000, K3,840,000 ndi K3,072,000, zonse pamodzi K11,712,000. Ufulu uja umayambiranso pa ndalama yomweyi.

Kuchokera apa ziwirizi zimayenda mosiyana. Ufulu umatha mofanana, K3,904,000 chaka chilichonse. Ngongole imabereka chiwongoladzanja cha K2,928,000 chaka choyamba, ndipo mukalipira lendi imatsala K8,640,000. Choncho chaka choyamba phindu latsika ndi K6,832,000, kuposa lendi yomwe mwalipira. Chaka chachiwiri latsika ndi K6,064,000, chachitatu K5,104,000 yokha, poti ngongole yachepa. Mukaphatikiza, ndi K18,000,000 yomwe ija. Ndalama yotuluka m'thumba siinasinthe, koma phindu latsika kwambiri koyambirira, ndipo chiwongoladzanja chikakhala chokwera ngati cha kuno kwathu kusiyanako kumaoneka kwambiri. Amene ali ndi ngongole ina ku banki awauziretu a banki, chifukwa mabuku aonetsa ngongole yomwe kale siinkaoneka.

Pomwe anthu amapunthwa kawirikawiri ndi polemba malipiro. Risiti ya eni nyumba ikafika, kalaliki amailemba ngati lendi mwachizolowezi, m'malo moichotsa ku ngongole. Phindu limadulidwa kawiri. Mudziwa poona kuti ngongole ikungokula, pomwe iyenera kufika pa ziro tsiku lomaliza la pangano. Eni nyumba akafuna lendi yolipiriratu, monga achitira ambiri, malipiro a tsiku loyambawo sagawidwa ndi 1.25 ndipo salowa m'ngongole, amangowonjezeka ku ufulu uja.

Njira yachidule ikadali yololedwa pa pangano losapitirira miyezi 12, pa zinthu zotsika mtengo monga foni kapena mipando, komanso kwa kampani yotsata IFRS for SMEs, ndondomeko ya makampani ang'onoang'ono ndi apakatikati, pa lendi wamba ngati iyi. Koma pangano la chaka chimodzi lokupatsani ufulu wowonjezera nthawi, mutathira kale simenti pansi ndi kumangirira sikelo, odita sadzalitenga ngati lalifupi. Adzawerengera zaka zomwe zikuonekeratu kuti mukhalamo.