Maminitsi ochokera m'ndime imodzi yaitali: fomu yokonzeratu, Word kapena Google Docs?

Alembi anzanga akhala akundifunsa funso limodzimodzi: msonkhano watha, zonse ndinazitaipa mothamanga m'ndime imodzi yopanda mutu, ndiye ndiziika pati kuti zikhale maminitsi? Njira zitatu ndinaziyesa, ndipo imodzi ndidakali nayo kukhosi.

Kuti tiyerekeze pa chinthu chimodzi, nayi ndime yofanana ndi imene inandigwetsa m'mavuto:

"Wapampando watsegula 9:10 onse alipo kupatula wachiwiri wawo. Msungichuma wati lipoti la ndalama silinathe malisiti awiri akusowa. Mlembi wafunsa za holo ya msonkhano waukulu wa pa 20 Juni. Tagwirizana holo ilipiridwe Lachisanu lisanafike. Abweretsa lipoti pa 12. Za pulinta yowonongeka tikambirana ulendo wina."

Ziganizo ndi 6, mitu yake ndi itatu, ndipo ntchito zoti munthu akachite ndi ziwiri.

Ndiyambe ndi fomu yokonzeratu, ija mumangoitenga ili kale ndi mabokosi. Kufulumira kwake sindikutsutsa, m'mphindi zochepa chikalata chimaoneka chaudongo. Imene ndinkagwiritsa ntchito inali ndi mabokosi atatu pansi pa mutu uliwonse: mutu, zokambirana, zomwe tagwirizana. Ndinatenga chiganizo chakuti "holo ilipiridwe Lachisanu lisanafike" n'kuchiika m'bokosi lachitatu. Bokosi linadzaza, tsamba linakongola, wapampando anawerenga n'kusainira. Palibe anaona cholakwika chifukwa panalibe malo osalembedwa oti akope diso.

Lachisanu linadutsa. Msungichuma ankadikira kuti ine ndiwabweretsere pepala la mtengo wa holoyo, poti ndine ndinayambitsa nkhaniyo. Ine ndinkati za kulipira n'za msungichuma. Wapampando ankangodziwa kuti zili m'maminitsi. Pamene tinkaimba foni, holo inali itapatsidwa kwa ena, ndipo ndinaimbira anthu mmodzimmodzi kuwauza kuti tsiku lasintha. Zinandipweteka kwambiri chifukwa cholinga cholembera maminitsi chinali kupewa zoterezi.

Gwero la vutoli ndi mneni uja wakuti "ilipiridwe". Polemba mothamanga timakonda aneni otere: itumizidwe, zikonzedwe, afunsidwe. Amanena chochitika koma wochita amamubisa. Chiganizo chachisanu chilinso ndi msampha wake. "Abweretsa lipoti": ndani? "A" ameneyu akhoza kukhala msungichuma, wapampando kapena anthu angapo. Pa tsiku la msonkhano mumakumbukira kuti ndi ndani, koma pakatha sabata mwaiwala. Fomu ija inalandira ziganizo zonsezi osandifunsa kanthu. Ndikudziwa kuti mafomu ena ali ndi bokosi la wochita, komabe onse amakukokerani ku chizolowezi chonyamula chiganizo chathunthu n'kuchiponya m'bokosi musanachiphwanye. N'chifukwa chake sindibwererako.

Mu Word ntchito imayamba ndi kuphwanya. Dinani Ctrl+H. M'bokosi la Find what lembani mpumiro wotsatizana ndi mpata umodzi, ndipo mu Replace with lembani izi:

```
.^p
```

Mukadina Replace All, chiganizo chilichonse chimakhala pa mzere wakewake. Chenjerani ndi mawu ofupikitsa monga Dr. chifukwa nawonso amadulidwa pomwepo, ndiye muwalumikize pamanja. Kenako lembani mitu molingana ndi ajenda, Opezekapo, Lipoti la ndalama, Holo, Zotsalira, ndipo pa mutu uliwonse dinani Ctrl+Alt+2 kuti ukhale Heading 2. Musangoudetsa ndi Bold, chifukwa mutu wotero suoneka mu Navigation Pane, pamene mumatha kukoka mutu pamodzi ndi zonse za pansi pake. Mzere umene uli pamalo olakwika mumaukweza kapena kuutsitsa ndi Alt+Shift ndi batani la muvi. M'chitsanzo chathu "Abweretsa lipoti pa 12" uyenera kukwera kukakhala pansi pa Lipoti la ndalama, ndipo ukangofika pamenepo zimadziwika kuti wobweretsayo ndi msungichuma.

Gawo limene limandipangitsa kukonda njirayi ndi lotsatirali. Werengani mizere yonse mukusaka aneni a zinthu zomwe sizinachitikebe. Aliyense mumukopere kumapeto kwa chikalata, mulembe ntchito, wochita ndi tsiku, mosiyanitsa ndi Tab, ndipo pamene wochita sakudziwika dinani Tab kawiri. Sankhani mizereyo, pitani ku Insert, Table, Convert Text to Table, musankhe Tabs. Mzere woyamba utuluka wathunthu: kubweretsa lipoti la ndalama, msungichuma, 12 Juni. Wachiwiri utuluka chonchi: kulipira holo, bokosi lopanda kanthu, Lachisanu. Bokosi lopanda kanthulo likuonekera poyera, ndipo simungatumize chikalatacho musanaliwone. Musalidzaze ndi dzina longoganizira, chifukwa mlembi sagawa ntchito zomwe msonkhano sunagawe. Imbirani wapampando tsiku lomwelo, auze munthu, munthuyo avomere, kenako mulembe. "Lachisanu" nalonso lisinthidwe likhale deti, popeza wowerenga sabata yamawa sadziwa kuti ndi Lachisanu liti. Ndipo wochita akhale mmodzi. Mukalemba "komiti" mwabwerera ku "ilipiridwe".

Za pulinta sizilowa m'tebulo. Palibe amene wapatsidwa ntchito, ndiye zimangokhala pansi pa Zotsalira kuti zikalowe mu ajenda yotsatira.

Google Docs ili ndi chinthu chimodzi chimene ndimachisirira. Mitu mumaika chimodzimodzi ndi Ctrl+Alt+2, koma mukafika pa ntchito mumasankha mzerewo, kudina Ctrl+Alt+M, kulemba @ ndi imelo ya munthu, n'kuchonga kabokosi ka Assign to. Munthuyo amalandira imelo, ndipo akamaliza amachonga kuti yatha. Msungichuma akadalandira uthenga wotero sakadandidikira. Komanso simungagawe ntchito popanda kutchula munthu, ndiye funso la "ndani" silizembeka.

Malire ake ndi awiri. Loyamba, zimayenda bwino pokhapokha onse ali ndi mwayi wotsegula chikalatacho ndipo amawerengadi maimelo awo. Lachiwiri ndi lalikulu: dzina la wochita limakhala m'ndemanga ya m'mbali, osati m'thupi la maminitsi. Ndemanga ikachongedwa imachoka m'mbalimo, ndipo pepala limene mwasindikiza kuti lisainidwe ndi kusungidwa silisonyeza kuti ntchito inali ya ndani. Choncho tebulo la ntchito, wochita ndi tsiku muyenera kulipangabe, ndemangazo zikhale zongokumbutsa.

Pa kukongola kwa tsamba zonse zitatu n'zofanana, sinditayirapo nthawi.

Ndime ikakhala yaitali kuposa tsamba limodzi, ine ndimasankha Word mosazengereza chifukwa cha ^p ndi Convert Text to Table. Gulu lanu likakhala la anthu ochepa amene amagwira ntchito pa chikalata chimodzi tsiku ndi tsiku, phwanyani ndime ndi kupanga tebulo kaye, kenako muikemo ndemanga za Assign to mu Google Docs. Fomu yokonzeratu ndingaivomere pa ntchito imodzi yokha, yolandira maminitsi amene aphwanyidwa kale kwina, ndipo ngati ilibe bokosi la wochita ndi la deti, muwonjezere nokha musanalembemo chilichonse.