Telala wa pa Luchenza wandisokera ndili ku Joni konkuno

Anzanga a ku Thyolo ndi ku Mulanje amene muli ku Joni kuno, paja mumandifunsa za nashonolo weya ndinavala ku chinkhoswe ija, anasoka ndi mayi ena ali ndi kashopu pa Luchenza, ine osapondako n'komwe.

Poyamba ndinkakayika, poti telala wina anandidyerapo ndalama, nsalu yomwe osaionanso mpaka lero. Koma awa anati tumizani hafu yokha, yotsalayo mukaona chovala. Ndinatumiza pa Mukuru kuti ilowe mu Airtel Money mwawo, ndinaonjezako kangachepe ka chaji yotapira, apa musamaiwale abale, mukatumiza yokwana ndendende ndiye kuti telalayo ndi amene aluze potapa kwa ejenti. Tsiku lomwelo ananditumizira mafoto a zitenje zitatu ali mu shopu ku Limbe, ndinasankha chobiriwira, mamita 4.

Pomwe ndinawagomera ndi pa miyezo. Ndinadziyeza ndekha, chifuwa, chiuno, mahipi, mapewa, mkono ndi kutalika kwa siketi, ndikutumiza pa WhatsApp. Sipanathe ola akundiimbira akuseka, amvekere "achemwali, chiuno cha 86 chimenechi ndi cha munthu kapena cha diramu?" Kani tepi ili ndi mbali ziwiri, ine ndinawerenga masentimita pomwe iwo amasoka ndi mainchesi, 86 ija ndi 34 basi. Wina akanangodula nsalu mwachimbulimbuli. Iwo anati ndiyezenso pa vidiyo kolo akuona, tepi osakoka kwambiri, chala chimodzi chizilowa, kenako anandiuza ndiyale bulauzi yomwe imandikhala bwino pa bedi ndiyeze phewa mpaka phewa.

Anati masiku 10, zinatenga 13 kamba ka magetsi, ovaloko yawo ndi yamagetsi. Koma anandiuza okha ndisanafunse, sizija zozimitsa foni.

Nditaona vidiyo ya chovala, layiningi ndi zipi zonse zili m'malo, ndinamaliza ndalama. Mng'ono wanga anakatenga, ndikukapereka kwa kondakitala wa basi ku Wenela. Anakulunga mu mapulasitiki awiri, dzina ndi nambala yanga ya kuno analemba panja ndi mkati momwe, poti katundu wa pansi pa basi amanyowa komanso kapepala kakunja kamatha kumatuka. Mukapereka jambulani phukusi, nambala ya basi, mutengenso nambala ya kondakitalayo. Basi yake inachedwa pa boda ya Beitbridge, ndinadikira pa Park Station kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, koma limenelo si vuto la telala.

Siketi inandikhala ngati anandiyeza pamaso. Bulauzi yokha ndiyo inathina pang'ono m'khwapa, nditawauza anati tembenuzani muone, ndasiya inchi ya nsalu m'mbali monse. Zoonadi, ndinangosula msoko ndikusokanso ndi singano, yatheka.

Pano ndawapatsa kale oda ya shati ya bambo a kunyumba, akufuna akavale ku Chonde pa Mulhako mu Okutobala. Kumayambiriro kwa Disembala musayerekeze kuwapatsa zachangu, amakhala atadzaza ndi za maukwati ndi Khirisimasi, konzekerani kukadali mwezi.